Mayi wa maakaunti anazula chingwe, intaneti n'kubwera

Foni inalira cha m'ma 9 koloko m'mawa, Lachisanu lomaliza la mwezi, ndili kunyumba ku Chibavi ndikudikira kuti mvula yowaza ija ya Mzuzu ikate. Anali mayi amene amasunga maakaunti pa ofesi ina ku Katoto. Mayiwa sakonda zozungulira.

"Achimwene, intaneti yathu yachiwiri ija munatigulitsa ija ili kuti? Malipiro ayenera kupita kubanki lero."

Sindinawagulitse, koma ndinamva chomwe akunena. Miyezi isanu m'mbuyomo ndine amene ndinauza abwana awo kuti faiba yokha siyokwanira, awonjezere rauta ya simukadi, kuti tsiku lomwe faiba yaduka ofesi izingopitiriza ntchito. Ndinalumikiza zonse ziwiri pa rauta ya MikroTik, faiba pa poti ya `ether1`, ya simukadi pa `ether2`. Ndinayesa pamaso pa abwanawo. Ndinazula chingwe cha faiba pa rauta, tsamba limene anatsegula linangodukiza pang'ono n'kubwerera. Anandigwira chanza, ndinalandira ndalama zanga.

Tsopano tsiku lenileni lafika, ndipo ofesi yonse ili zii.

Zimene ndinapeza ku Katoto

Ndinakwera kabaza, laputopu ndaikulunga m'jumbo. Nditafika ndinalunjika kukachipinda kosungiramo mapepala komwe kuli zida. Kabokosi ka kampani ya faiba kanali koyaka bwinobwino, kupatula kanyali kamodzi kolembedwa `LOS` kamene kanali kuphethira mofiira. Kanyali kameneka kamatanthauza kuti kuwala kochokera mu faiba sikukufika. Chingwe chaduka penapake kunja, mwina okumba ngalande, mwina nthambi yagwera pa pholo. Zimenezo si zanga. Zanga n'zakuti rauta ya simukadi inali pomwepo pashelefu, timizere ta netiweki tonse todzaza, koma palibe chimene chimadutsamo.

Ndinayamba n'kuikayikira iyoyo, monga aliyense angachitire. Ndinalumikiza laputopu mwachindunji pa rauta ya simukadiyo, masamba anatseguka. Bandulo inalimo. Ndiye njira yachiwiri inali yamoyo, kungoti rauta yaikulu sinkaifuna.

Ndinatsegula Winbox, pulogalamu yoyendetsera rauta ya MikroTik, n'kuyang'ana tebulo la njira. Njira yanga ya faiba inali ndi chilembo `A`, kutanthauza kuti ndi imene ikugwira ntchito. Rauta inali kukhulupirira ndi mtima wonse kuti faiba ilibe vuto. Ndinalemba `/tool traceroute 9.9.9.9` kuti ndione pamene ulendo wa kunja ukuthera. Mzere woyamba unayankha msanga, 192.168.100.1, pasanathe n'komwe milisekondi imodzi. Mizere yotsatira yonse panalibe yankho.

Ndili chiweramire choncho, mayi aja anaima pakhomo atapinda manja.

"Tsiku lija munazula chingwe chabuluuchi n'zimene zinatheka. Bwanji osangozulanso?"

Ndinayamba kuwafotokozera kuti siziyenera kutero, kuti makinawa amayenera kusintha okha. Sanadikire kuti ndimalize. Anatambasula dzanja, n'kuzula chingwe pa `ether1`. Pasanathe masekondi asanu tinamva wina kuchipinda china akufuula kuti yabwera.

Anandiyang'ana, osanena kanthu, n'kubwerera ku desiki yawo. Malipiro anapita isanakwane 11 koloko. Ine ndinatsala m'kachipindamo ndi chingwe chili lende, manyazi atandigwira, ndipo nkhani imeneyi yakhala ikundizungulira m'mutu mpaka lero.

Ndinkafunsa munthu wolakwika

Njira zanga ziwiri ndinazilemba chonchi tsiku loyamba lija:

```
/ip route
add gateway=192.168.100.1 distance=1 check-gateway=ping
add gateway=192.168.8.1 distance=2
```

Nambala ya `distance` ndi imene imasankha: njira ya nambala yaing'ono ndiyo imagwiritsidwa ntchito, inayo imadikira. Yodikirayo imalowa pokhapokha yoyamba itachotsedwa pa mpikisano. Ndipo chochotsa yoyamba ndi `check-gateway=ping`. Masekondi 10 alionse rauta imatumiza `ping` ku adiresi imene yalembedwa pa `gateway`. Ikapanda kuyankhidwa kawiri motsatizana, imati njirayi yafa.

Funso limene sindinadzifunse n'lakuti, kodi 192.168.100.1 ndi ndani? Ndi kabokosi kaja ka kampani ya faiba, kamene kali pashelefu yomweyo, kotalikirana ndi rauta yanga ndi chingwe cha mita imodzi. Malinga ngati kali ndi magetsi, kadzayankha `ping` ngakhale faiba itaduka pa malo khumi. Zili ngati munthu wofuna kupita ku Nkhata Bay, m'mawa uliwonse n'kumagogoda pa kanyumba ka mlonda wa pageti pake, mlonda akati "ndilipo bwana", iye n'kumati basi msewu uli bwino. Mlondayo sananame. Alipodi. Koma za msewu sanafunsidwe.

Kuyesa kwanga kuja pamaso pa abwana n'kumene kunandipusitsa. Ukazula chingwe pa `ether1`, potiyo imazima, ndipo njira iliyonse yodutsa pa poti imeneyo imagwa nthawi yomweyo, popanda kudikira `ping` iliyonse. Ndiye chimene ndinayesa tsiku lija chinali vuto limene kawirikawiri silichitika. Ndani amazula chingwe m'kachipinda kokhoma? Mavuto enieni amachitikira kutali: faiba yaduka mumsewu, zida za kampani zazima kwinakwake, akaunti yatsekedwa chifukwa bilu yachedwa. Pa onsewa poti yanga imakhalabe yoyaka ndipo kabokosi kamayankhabe. Mayi aja pozula chingwe anangosandutsa vuto lenileni kukhala vuto lokhalo limene rauta yanga inkalidziwa.

Loweruka, ofesi ili phee

Faiba inabwerera Lachisanu lomwelo madzulo. Ndinapempha makiyi kuti ndibwere Loweruka, kulibe wondiyang'ana kumsana.

Mankhwala ake ndi kusuntha funso lija, lichoke pa kabokosi lipite kutali, ku adiresi ya pa intaneti imene ungaifikire pokhapokha faiba ikugwiradi ntchito. Pa RouterOS 7, pulogalamu ya m'kati mwa rauta za MikroTik, zimachitika ndi mizere iwiri. Woyamba umamangirira adiresi imodzi yakutali ku faiba, kuti isadutse kwina kulikonse. Wachiwiri umauza rauta kuti adiresi yakutaliyo ndiyo khomo lotulukira, ndipo iziyeza imeneyo. Ndinafufuta mizere yakale ija n'kulemba iyi, wachitatu ndi wa simukadi monga kale.

```
/ip route
add dst-address=1.0.0.1/32 gateway=192.168.100.1 scope=10
add gateway=1.0.0.1 distance=1 target-scope=11 check-gateway=ping
add gateway=192.168.8.1 distance=2
```

Koyamba kuziona zimaoneka zopanda mutu, chifukwa 1.0.0.1 ndi seva ya Cloudflare, si khomo la ofesi ya ku Katoto. Koma rauta situmizadi katundu wa ofesi ku seva imeneyo. Imayang'ana kuti 1.0.0.1 imafikiridwa bwanji, imapeza mzere woyamba uja, n'kuona kuti ndi kudzera pa 192.168.100.1, ndipo katundu amatuluka pa faiba monga kale. Chasintha ndi komwe `ping` ikupita basi. Manambala a `scope` ndi `target-scope` ndi amene amalola mzere wachiwiri kutsamira pa woyamba, komanso amauletsa kutsamira pa njira ya simukadi. Kumangirirako n'kofunika kwambiri. Adiresi yoyezera ikakhala yomasuka, faiba ikafa `ping` imadutsa pa simukadi n'kuyankhidwa, rauta imati faiba yachira, imabwerera, imapezanso kuti yafa, n'kumangovina choncho tsiku lonse.

Ulendo uno sindinakhudze chingwe chabuluu. Ndinapita kumbuyo kwa kabokosi n'kusolola kachingwe kachikasu ka faiba yeniyeniyo. Kachingwe kameneka sapinda, sagwira kunsonga ndi zala, ndipo sayang'anamo ndi diso. `LOS` inayamba kuphethira mofiira monga dzulo lake. Ndinawerenga masekondi pa foni. Asanakwane 30, njira yanga ya faiba inataya `A` wake.

Ndinatsegula tsamba pa laputopu. Silinatseguke.

Khoswe wapadenga ndi wapadzala

Apa ndinakhala pansi pa katoni ya mapepala. Muyeso ukugwira, njira yafa monga ndimafunira, nanga katundu akupita kuti? Ndinasiya Winbox n'kulemba lamulo, kuti ndione mizere yokhayo ya njira zotulukira:

```
/ip route print where dst-address=0.0.0.0/0
0  Is  0.0.0.0/0  1.0.0.1        1
   DAd 0.0.0.0/0  192.168.100.1  1
1   s  0.0.0.0/0  192.168.8.1    2
```

Njira ndinalemba ziwiri, koma pano zinali zitatu. Wapakatiyo sindinamulembe ine. `D` amatanthauza kuti rauta yadzipangira yokha, `d` wamng'onoyo akuti yachokera ku DHCP, ndipo `A` ali pa iyeyo. Tsiku loyamba lija ndinasiya `ether1` kuti izilandira adiresi yake kuchokera ku kabokosi, ndipo `dhcp-client` ukapanda kuiletsa imawonjezera njira yakeyake yotulukira, ya `distance` 1, yopanda muyeso uliwonse. Miyezi isanu yonse mzerewu unali pomwepo. Ndinkauona mu Winbox, koma popeza adiresi yake inali yofanana ndi ya mzere wanga, diso linkangoudumpha.

Ndiye njira yanga yoyezedwa itagwa, mpando sunapite kwa simukadi. Unapita kwa mlendo uyu, chifukwa 1 ndi wochepa kuposa 2, ndipo mlendoyo analozanso ku kabokosi komweko kopanda kuwala. Akuluakulu amati khoswe wapadenga anaulula wapadzala. Ndikanapanda kukonza muyeso, vuto la nambalali sindikanaliona, ndipo kuzula chingwe chabuluu kunkabisa onse awiri nthawi imodzi, chifukwa poti ikazima njira ya DHCP nayo imapita.

Kukonza kwake ndi mzere umodzi:

```
/ip dhcp-client set [find interface=ether1] add-default-route=no use-peer-dns=no
```

Mzere wapakati uja unasowa, `A` anasamukira pa 192.168.8.1. Chimene ndinaphunzira apa, chomwe tsopano ndimachita pa ofesi iliyonse ndisanakhudze chilichonse, ndi kuwerenga njira zonse za 0.0.0.0/0 mmodzimmodzi ndi chala, n'kufunsa uliwonse kuti wakulemba ndani, nambala yako ndi chiyani, ndipo chingakuchotse n'chiyani. Mzere umene ulibe chouchotsa uyenera kukhala ndi nambala yaikulu kuposa yonse. Pa makompyuta a Linux ndi Windows nambala yofanana ndi imeneyi amaitcha `metric`, ndipo khalidwe lake ndi lomwelo: yaing'ono imapambana, kaya njirayo ikufika kwinakwake kaya ayi.

Mbali yachiwiri ya mzere uja, `use-peer-dns=no`, ili ndi chifukwa chake. Kabokosi kanali katadzipereka kukhala womasulira mayina a masamba, ndipo faiba ikafa iko sikangamasulire kanthu. Munthu amaona `ping` ya manambala ikuyenda koma masamba akuchedwa kapena kukana, n'kumati intaneti kulibe. Ndinaika 9.9.9.9 ndi 8.8.8.8 pa `/ip dns`. Dala sindinaike 1.0.0.1, chifukwa adiresi imeneyo ndaimangirira ku faiba. Faiba ikafa, ofesi yonse siingaifikire ngakhale simukadi ikugwira. Adiresi imene wasankha kuyezera, uiwale zoigwiritsa ntchito ina.

Windo lakuda limene linakana kuchira

Panatsala kanthu kamodzi kamene kanatsala pang'ono kundipangitsa kuphwasula zonse zimene ndinakonza.

Ndinabwezera kachingwe kachikasu, n'kudikira kuti zonse zibwerere pa faiba, kuti ndiyese kuyambira pachiyambi. Pa laputopu ndinasiya `ping -t 9.9.9.9` ikuyenda kuti ndione nthawi yeniyeni yosinthira. Ndinasololanso faiba. `Request timed out` inayamba kutsika. Masekondi 30 anadutsa, mphindi inakwana, mphindi ziwiri. Mu Winbox `A` anali atasamukira kale pa simukadi. Ndinatsegula tsamba, linatseguka. Koma windo lakuda lija linali kungoti `Request timed out`.

Rauta imasunga kaundula wa zokambirana zonse zimene zikudutsa, ndipo pa chilichonse imalemba adiresi imene inachiveka potuluka. `ping` yanga inayamba faiba ili moyo, ndiye inavekedwa adiresi ya mbali ya faiba. Njira itasintha, mapaketi ake anayamba kutulukira pa `ether2` atavalabe adiresi yakale, ndipo yankho silikanatha kubwerera. Popeza paketi yatsopano imabwera masekondi 10 asanathe, mzere wa m'kaundula sunkapeza mpata wofufutika. Ndinaimitsa ndi Ctrl+C, ndinadikira kupitirira masekondi 10, n'kuyambanso. Inayankha nthawi yomweyo.

Apanso kuzula chingwe chabuluu kumanamiza, chifukwa poti ikazima `masquerade`, lamulo loveka adiresi potuluka, imafufuta yokha mizere ya poti imeneyo. Njira ikangosintha poti ili chiyakire, sifufuta. Masamba a pa intaneti savutika kwenikweni, amangotsegula zokambirana zatsopano. Zovutika ndi zinthu zimene zimalankhula mosalekeza, monga mafoni a pa intaneti ndi ma VPN ena. Ofesi ya ku Katoto ilibe zimenezi, ndiye ndinangozilemba m'kope. Kumene zilipo, pamafunika kalamulo koyenda nthawi yosintha njira, kofufuta kaundula ndi `/ip firewall connection remove [find]`.

Zimene muyesowu suona

Sindikufuna wina awerenge izi n'kuganiza kuti mizere itatu ija yathetsa zonse.

Seva imodzi ikhoza kusiya kuyankha `ping` faiba ili bwinobwino, ndipo ofesi ingasamukire pa simukadi n'kumadya bandulo popanda wodziwa. Chifukwa cha ichi ndinamangiriranso 8.8.4.4 ku faiba, n'kuipatsa njira yake ya `distance` 2, simukadi n'kuikankhira ku 3. Tsopano pafunika kuti eni awiri osiyana akhale chete nthawi imodzi kuti faiba iweruzidwe kuti yafa.

Chovuta kwambiri ndi faiba yodwala koma yosafa. Tinene kuti ikutaya mapaketi atatu pa khumi alionse. Kwa anthu mu ofesi imeneyo ndi intaneti yosagwirika, tsamba la banki limangozungulira. Koma `check-gateway` imafuna kulephera kawiri motsatizana, ndipo yankho limodzi lokha limafufuta mlandu wonse. Pa kutaya kotere nthawi zambiri imodzi mwa ziwirizo imadutsa, ndipo ikagwa imadzukanso pa yankho lotsatira. Muyesowu umadziwa moyo ndi imfa basi, za matenda sudziwa. Chida cha zimenezo ndi `/tool netwatch`, chimene pa RouterOS 7 chimatha kutumiza mapaketi angapo n'kuwerenga otayika, iwe n'kuika malire pa `thr-loss-percent`. Ine pa ofesi yaing'ono ngati iyi sindinachipatse mphamvu yosintha njira. Malire ukawafinya kwambiri, rauta imasamukasamuka masana onse, ndipo kusamuka kulikonse adiresi ya ofesi imasintha, masamba ena n'kukutulutsa kuti ulowenso. Mayi aja atatulutsidwa katatu pakati pa malipiro, ndikudziwa foni imene ingalire. Ndinachiika kuti chizingolemba mu `log`, ndione kaye kwa miyezi ingapo mmene faibayo imadwalira.

Ndipo njira yachiwiri nayo imafa mwakachetechete. Bandulo ikatha nthawi, rauta ya simukadi imayankhabe pa 192.168.8.1, timizere take tonse todzaza, ndendende mlonda uja. Poti palibe amene amaigwiritsa ntchito masiku wamba, ungadzadziwe tsiku lomwelo limene ukuifuna. Ndinamangirira adiresi ina yakutali ku `ether2` n'kuiyang'anira ndi `netwatch`, kuti ikasiya kuyankha zidziwike faiba ikadali moyo.

Lolemba

Ndinabweza makiyi Lolemba m'mawa, n'kupempha mayi aja kuti abwere kukachipinda. Ndinawaonetsa kachingwe kachikasu ndi mmene amakasololera, kugwira pa pulasitiki osati pa chingwe. Anasolola okha. Tinaima tonse tikuyang'ana foni yawo, ine mtima uli m'mwamba ngakhale ndinali nditayesa kasanu Loweruka. Pa sekondi ya 24 uthenga umene unaima unapita.

"Ndiye chabuluuchi ndisamazulenso?"

Ndinati ayi mayi, pokhapokha tsiku lina zikadzakanikanso, pamenepo zulani ndithu musanandiimbire.

Anabwezera kachingwe mpaka kanalira kuti tha, anatenga cholembera, n'kulemba pa kalendala ya pakhoma, pa Lachitatu lomaliza la mwezi: kusolola chachikasu, kuona bandulo. Kenako anandifunsa ngati ntchito ya Loweruka ndilembera invoisi. Sindinalembe.